Mpando Wanu Uli Pati M'minibasi ndi M'kochi?

(PHOKOSO LA PA DEPOTI: MAHUTALA NDI MAWU A OITANIRA, KENAKO LIZILALA)

WOULUTSA: Lero tikambirana za pokhala m'minibasi ndi m'kochi. Ndili ndi bambo amene adayamba ngati kondakitala pa msewu wa Blantyre ndi Limbe, kenako nkukhala dalaivala wa minibasi, ndipo adapumira pa chiwongolero cha mabasi akuluakulu opita ku Lilongwe. Takulandirani, bambo.

DALAIVALA: Zikomo, mayi.

WOULUTSA: Ine ndikafika pa siteji, maso anga amathamangira pa windo kapena kutsogolo. Ndimalakwitsa?

DALAIVALA: Sindinganene kuti mumalakwitsa, koma mumayambira kumapeto. Choyamba kudzifunsa nchakuti, kodi nditsikira pati? Chachiwiri, katundu wanga akhala pati? Za windo ndi kamphepo zimabwera pambuyo. Ndikutero chifukwa cha m'mene minibasi idapangidwira. Tiyeni tiione kaye m'kati, titenge Hiace kapena Caravan, zomwe anthu amazidziwa bwino. Kuno timayenda kumanzere kwa msewu, dalaivala amakhala kumanja, ndipo chitseko cha anthu ndi chimodzi chokha, chokoka chija, kumanzere. Kutsogolo kumakhala anthu awiri pambali pa dalaivala, ndipo iwowa ali ndi chitseko chawochawo. Kumbuyo kwa dalaivala kuli mizere inayi, pomwe timinibasi ting'onoting'ono ngati Bongo timakhala ndi itatu. Tsono kanjira kopita kumbuyo kali mbali ya kumanzere, ndipo m'minibasi zathu zambiri kanjirako adaikamo timipando topinda. Minibasi ikadzadza, kanjira kaja kulibenso, kasanduka pokhala anthu.

WOULUTSA: Ndiye kuti wa kumbuyo watsekeredwa.

DALAIVALA: Eya. Minibasi ili ngati thumba la pakamwa pamodzi: chomwe chalowa poyamba chimatuluka pomaliza. Tawerengani nokha. Munthu wakhala mzere womaliza, pakona ya kumanja. Lamulo limati anthu atatu pa mzere. Kuti iye atsike, awiri omwe wakhala nawo ayenera kudzuka, wa pa kampando kopinda ka mzere wachitatu atsike, wa mzere wachiwiri atsikenso, kondakitala ali panja kale. Anthu anayi asuntha chifukwa cha mmodzi. Akakhala kuti apanikiza anayianayi, monga zimachitikira madzulo apolisi akachoka pamsewu, osuntha ndi asanu, ndipo ena a iwo ali ndi mwana m'manja kapena jumbo pamiyendo.

WOULUTSA: Tiyeni tiike anthu enieni m'minibasimo kuti omvera aone bwino. Tili ku Limbe m'mawa, minibasi ikuitanira za m'tauni kudzera Highway.

DALAIVALA: Chabwino. Msewu wa Masauko Chipembere, wosafika makilomita 10, koma masiteji ndi ambiri: Yiannakis, Maselema, Chichiri, pa Poly, ku Gulupu pa Ginnery Corner, kenako m'tauni. Tinene kuti afika anthu atatu nthawi imodzi, minibasi ili ndi anthu ochepa. Woyamba ndi mnyamata wa chikwama cha kumsana, akutsikira ku Maselema. Wachiwiri ndi mayi wonyamula basiketi, muli phala ndi ndiwo za msuzi, akukaona wodwala ku Gulupu. Wachitatu ndi bambo wopanda katundu, akukatsikira komwe minibasi ikathere.

WOULUTSA: Ndiyambe ndine kuwagawira. Bambo uja, poti ndi wamkulu, akhale pafupi ndi khomo.

DALAIVALA: Mwamulanga, mayi. Ngati miyendo yake ili bwino, bambo ameneyo apite kumbuyo kwenikweni, pakona. Akakhala pamenepo palibe womudzutsa mpaka m'tauni. Mukamuika pa kampando kopinda, adzatsika ndi kukweranso pa siteji iliyonse yomwe wa kumbuyo kwake wanena kuti wotsika. Kukakhala mvula, anyowa ulendo si wake. Ndipo anthu sadziwa ichi: ukatsika kupereka njira, sikuti umabwerera pomwe unali. Kondakitala amati tasunthirani kumbuyoko, alowetse atsopano. Unasankha mpando wa pakhomo, koma ukafika m'tauni uli kwina.

WOULUTSA: Nanga kampando kopindako nka ndani?

DALAIVALA: Nka mnyamata wa ku Maselema uja. Iye ndiye woyamba kutsika, choncho sadzadzutsidwa ndi aliyense, ndipo iye sadzutsa munthu. Akhale pa kampando ka mzere wachiwiri kapena kumapeto kwa mzere woyamba, chikwama achivule achiike pamiyendo. Akafika msanga minibasi isanadzadze, asalowe mkati kukakhala pa windo. Aime kaye pambali, kapena akhale pa khomo nkumapereka njira mpaka a kutali atalowa. Oitanira amakalipa kuti lowani mkati, chifukwa iwo akufuna minibasi izioneka yodzadza, koma mukangonena kuti ndine wa pa Maselema, kondakitala wanzeru amakusiyani. Naye safuna kutaya nthawi pa siteji pomwe mnzake wa kumbuyo akumupitirira kukatola anthu kutsogolo.

WOULUTSA: Kampando kameneka ine sindikakonda. Kamapendekeka.

DALAIVALA: Nkoipadi. Chotsamira chake nchachifupi, sichifika m'mapewa, ndipo nthawi zambiri zitsulo zake zidatha, ndiye pa kona iliyonse mumatsamira mnzanu. Pa mphindi khumi mungapirire. Koma kukhala pamenepo kuchoka ku Limbe mpaka ku Mulanje kapena ku Zomba, msana udzakuuzani usiku.

WOULUTSA: Tatsala ndi mayi wa basiketi.

DALAIVALA: Ameneyu ndiye wofuna kumuganizira bwino, chifukwa katundu wake sangaikidwe pansi pa mpando, sangapanikizidwe, sangapendekeke. Malo ake abwino ndi awiri. Oyamba ndi kutsogolo, pa windo. Ali ndi chitseko chake, atsika osadzutsa munthu, ndipo palibe womudutsa pamiyendo. Koma akhale pa windo, osati pakati. Mpando wa pakati uli pamwamba pa injini, umatentha, ndipo bondo lanu limalimbana ndi giya. Vuto la kutsogolo ndi limodzi pa nkhani yotsika: wa pakati akamatsika inu musanafike, mutsika naye kaye, basiketi ili m'manja. Choncho mufunseni mnzanuyo komwe akutsikira, wotsika msanga akhale kunja.

WOULUTSA: Kutsogolo kukakhala kuti kwadzadza?

DALAIVALA: Akhale mzere woyamba, kuseri kwa dalaivala, pa windo la kumanja. Mzere umenewu uli moyang'anana ndi khomo, ndiye a kumbuyo samudutsa, ndipo potsika adzutsa awiri okha omwe wakhala nawo. Kutsogolo kwa mawondo ake kuli kachitunda kaja kophimba kumbuyo kwa injini, pomwe angatsamiritse basiketi ataigwira. Koma adziwe kuti kachitundako kamatentha. Phala silidandaula, koma nyama yaiwisi, nsomba, majarini kapena mankhwala musaike pamenepo. Adziwenso kuti pamenepo mpomwe kondakitala amakhazika munthu woonjezera, woyang'ana kumbuyo, mawondo nkulukana ndi anu. Zikatero basiketi ibwerere pamiyendo.

WOULUTSA: Mwanena kuti mpando wa kutsogolo ndi wabwino potsika. Nanga pa ngozi? Anthu amati wa kutsogolo ndiye amayamba.

DALAIVALA: Pali choona chake. Minibasi zimenezi zilibe mphuno yaitali ngati galimoto yaing'ono. Injini ili pansi panu, ndipo pakati pa mawondo anu ndi galimoto ya kutsogolo pali chitsulo chochepa ndi galasi. Choncho ndikakhala kutsogolo ndimayang'ana lamba. Ngati alipo ndipo akugwira, ndimanga. Ngati adaduka kapena chomangira chake chidalowa pansi pa mpando, pa ulendo wautali ndimasankha mzere wachiwiri. Ndipo mwana asakhale kutsogolo pamiyendo. Dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, manja a munthu sangamugwire, ngakhale mayi ake atamukumbatira bwanji. Wa mwana akhale mzere wachiwiri, chamkati, kutali ndi chitseko, chifukwa zitseko zokokazi zimatsina zala, ndipo zina zimatseguka galimoto isanaime.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Omvera, tikukambirana za pokhala m'minibasi ndi m'kochi. Bambo, tilowe mu nkhani ya katundu wolemera. Wina wagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 ku Limbe, akupita ku Bangwe kapena ku Chigumula.

DALAIVALA: Thumba lotero lili ndi malo awiri. Likhoza kulowa ku buti, kapena kugona pansi pa mzere woyamba, pafupi ndi khomo. Buti ya minibasi si buti kwenikweni, ndi kampata kakang'ono kuseri kwa mpando womaliza, ndipo katundu amamukankhira pansi pa mpandowo kuchokera kumbuyo. Ndiye wa mzere womaliza amapeza kuti poika mapazi palibe, zidendene zikugunda thumba la mwini wake. Ngati thumbalo ndi lanu ndipo mukutsikira kumapeto, khalani komweko kumbuyo. Buti ikatsegulidwa pa siteji, mungocheuka nkuona chomwe chikutsitsidwa. Matumba a chimanga amafanana onse. Si kuba kokha ayi, nthawi zambiri ndi kusokoneza: kondakitala ali pa changu, watsitsa thumba la mgaiwa kusiya la chimanga, mwini wake wakwera kabaza wapita. Mangani kansalu kowala pakamwa pa thumba lanu.

WOULUTSA: Koma ngati ndikutsikira panjira?

DALAIVALA: Pamenepo nenani thumba lisanakwezedwe. Muuzeni kondakitala kuti ndikutsikira pakuti, aliike pamwamba kapena pakhomo, inu nkukhala poliona. Mugwirizanenso mtengo wa katundu thumba lidakali pansi. Likangolowa mkati, anthu nkukhala pamwamba pake, mphamvu yokambirana mulibenso. Ndipo pali katundu wina yemwe njira yake ndi imodzi basi, kumulipirira mpando. Mathireyi a mazira, keke ya ukwati, wailesi ya kanema, dengu la tomato wakupsa. Ambiri amaona ngati kuwononga ndalama, koma yerekezani mtengo wa mpando umodzi ndi wa mazira thireyi imodzi yokha. Mukatero tengani mipando iwiri ya mkati, katundu pa windo, inu pakati, kuti thupi lanu likhale mpanda pakati pa katunduyo ndi anthu odutsa.

WOULUTSA: Pali chinthu chomwe ndimachiona pa minibasi za kutali, za ku Thyolo kapena ku Nchalo. Buti sitsekeka, amanga ndi chingwe.

DALAIVALA: Chimenecho ndiye chimasintha zonse zomwe ndanena za mzere womaliza. Galimoto ikamathamanga, mpweya wa kumbuyo kwake umazungulira nkubwerera ku galimotoyo. Nchifukwa chake galasi la kumbuyo limada fumbi kuposa ena onse. Tsono paipi ya utsi imatulukira komweko. Buti ikakhala yotsegukako, utsi ndi fumbi zimakokeredwa mkati, ndipo oyamba kuzipuma ndi a mzere womaliza. Mu utsi wa injini muli mpweya woipa womwe sununkha. Chizindikiro chake ndi mutu kuwawa, tulo tosadziwika bwino, nseru. Munthu amati ndi kutopa kapena njala. Mukaona chingwe ku buti pa ulendo wautali, kumbuyo kusiyeni, makamaka ngati muli ndi mwana, muli oyembekezera kapena muli ndi chifuwa cha mphumu. Mukakhala kuti mulibe kuchitira mwina, windo la pambali panu likhale lotsegula, ndipo la kutsogolo litsegukenso kuti mphepo izidutsa.

WOULUTSA: Ndipo kumbuyo kumadumpha.

DALAIVALA: Kumadumpha chifukwa mzere womaliza uli kuseri kwa matayala a kumbuyo. Galimoto ikakwera hampu, pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo mpomwe pamagwedezeka pang'ono, kumapeto ndiye kumaponyedwa m'mwamba. Pa Highway simungamve kwenikweni. Koma m'misewu ya m'makwalala a ku Ndirande, Chilobwe kapena Machinjiri, komwe kuli mahampu ndi maenje, wa kumbuyo amagunda mutu kudenga. Wamtali apewenso windo la cha ku mzere wachitatu, pomwe pansi pamatukuka chifukwa cha tayala. Mawondo amafika pachifuwa.

WOULUTSA: Nanga ife omwe timachita chizungulire m'galimoto? Ine msewu wotsikira ku Chikwawa umandigonjetsa.

DALAIVALA: Makhotakhota a pamenepo, kutsetsereka mpaka ku Thabwa, agonjetsa ambiri. Nseru imabwera chifukwa thupi likumva kukhota pomwe maso akuona mpando wa kutsogolo uli chiimire. Mankhwala ake ndi kuona msewu. Khalani kutsogolo kapena pakati pa mzere woyamba, maso patali, foni m'thumba. Musalole kukhazikidwa pa kachitunda koyang'ana kumbuyo kaja. Ndipo nenani poyera pokwera, palibe wokana kusinthana mpando ndi munthu yemwe wanena kuti akhoza kusanza.

WOULUTSA: Funso lina lisanatithawe. Nthawi zina ndimafika pa depoti, mipando yonse yabwino ili ndi anthu, koma minibasi sinyamuka.

DALAIVALA: (AKUSEKA) Ena mwa amenewo si apaulendo, mayi. Ndi anyamata okhala m'minibasi kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzadza. Muwadziwa posavuta: alibe katundu, sayang'ana nthawi, amacheza ndi oitanira pa windo, ndipo akalowa munthu mmodzi, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Amakonda kukhala pa mawindo ndi pakhomo kuti azioneka. Ndiye musataye mtima, mpando womwe mukuufuna ukhoza kutseguka. Ingokhalani tcheru. Koma pa windo mu depoti, kaya ku Mibawa kaya ku Limbe, foni musaitulutse galasi lili lotsegula. Dzanja limalowa kuchokera panja, inu muli otsekeredwa mkati, simungathamangitse munthu.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

WOULUTSA: Tsopano tikwere zikuluzikulu. Ulendo wa ku Lilongwe, makilomita opitirira pang'ono 300 kudzera ku Zalewa.

DALAIVALA: Apa tisiyanitse mitundu iwiri. Pali makochi ngati a AXA, Sososo ndi Kwezy, omwe tikiti mumagula ku ofesi, amanyamuka pa nthawi yoikika ndipo saima paliponse. Palinso mabasi a ku Wenela, omwe amadikira kudzadza ndipo amatsitsa ndi kukweza m'njira monse: Lunzu, Lirangwe, Zalewa, Phalula, Chingeni, Ntcheu, Lizulu, Dedza. Mu kochi yosaimaima, nkhani yotsika ilibe mphamvu, poti pafupifupi nonse mutsikira kumodzi. Pamenepo sankhani za thupi lanu. Mukamagula tikiti, ngati mipando ili ya manambala, funsani kuti nambala imeneyi ili mbali iti ndipo ndi ya pa windo kapena pa kanjira, chifukwa kawerengedwe kamasiyana basi ndi basi. Safunsa adadya phula.

WOULUTSA: Mbali ili ndi kanthu?

DALAIVALA: Dzuwa. Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe mukulowera kumpoto, mopendekera kumadzulo. M'mawa dzuwa lili kum'mawa, kutanthauza kudzanja lamanja, mbali ya dalaivala. Wonyamuka m'mawa akhale kumanzere. Wonyamuka masana akhale kumanja, chifukwa dzuwa likapendeka limawomba mbali ya khomo. Pobwerera zimatembenuka: m'mawa mthunzi uli kumanja, madzulo uli kumanzere. Mu Okutobala, potsikira ku chigwa cha Shire cha ku Zalewa ndi Phalula, kusiyana kwa mbali ziwirizi si kwamasewera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mukhoza kuchita kufuna dzuwalo, makamaka mukamakwera mapiri a ku Ntcheu ndi Dedza komwe kumazizira.

WOULUTSA: Kutsogolo, pakati kapena kumbuyo?

DALAIVALA: Monga m'minibasi, pakati pa matayala mpomwe pali bata. Kenako yang'anani komwe kuli injini. Makochi ena injini ili kumbuyo, ndiye mizere yomaliza imatentha ndi kulira, komanso mipando ya mzere womaliza nthawi zambiri sigonekeka chifukwa yatsamira khoma. Mabasi ena injini ili kutsogolo pambali pa dalaivala, ndiye phokoso ndi kutentha zili ku mizere yoyamba. Ngati muli chimbudzi, musakhale moyandikana nacho pokhapokha ngati mukuchifuna pafupipafupi. Ine ndimasankha kuyambira mzere wachitatu mpaka cha pakati. Mzere woyamba umaonetsa msewu bwino, ndi wabwino kwa wa chizungulire, koma kutsogolo kwanu kuli galasi ndi masitepe, ndiye lamba ndi wofunika kwambiri pamenepo.

WOULUTSA: Tipange monga tinachitira ku Limbe. Mayi wagula belo la kaunjika ndi zikwama ziwiri, wakwera basi ya ku Wenela, akutsikira ku Ntcheu.

DALAIVALA: Mayi ameneyu akafika m'mamawa basi ili yopanda anthu, amasangalala kuti asankha mpando. Koma taonani chomwe chimachitika ku buti ya pansi. Katundu wofika poyamba amakankhidwira mkati, pakati pa basi, ndipo wa ku Lilongwe wobwera pambuyo amaunjikidwa pakhomo. Pofika pa Ntcheu, belo lake lili kuseri kwa katundu wa anthu ena. Atsitse zonsezo m'mbali mwa msewu, dalaivala akuliza hutala, ndipo mpamene zikwama zimasochera. Choncho asanapereke katundu anene kuti wa pa Ntcheu, ndipo aime pomwepo mpaka aone buti yomwe walowa. Apemphe kuti akhale ku buti ya kumanzere, chifukwa basi ikaima m'mbali mwa msewu, mbali yotsegula bwino ndi imeneyo, kumanja kukudutsa magalimoto. Akapatsidwa kapepala ka katundu, asunge pamodzi ndi tikiti.

WOULUTSA: Ndiye akakhale pati?

DALAIVALA: Kumanzere, pa windo lomwe lili pamwamba pa buti imeneyo kapena kumbuyo kwake pang'ono, kuti pa Lunzu, pa Zalewa, pa Chingeni, buti ikatseguka azitha kusuzumira. M'mabasi amenewa nthawi zambiri mbali imodzi ili ndi mipando itatu, ina iwiri. Asankhe ya iwiri ngati ili mbali yomwe akuifuna, adzutse munthu mmodzi yekha potsika. Ndipo asapitirire pakati pa basi. Khomo ndi limodzi, kutsogolo, ndipo basi ikamatola anthu m'njira, kanjira kamadzadza oimirira ndi katundu wawo. Wa kumbuyo amafika pakhomo basi itayamba kale kuyenda, kapena amatsika mochedwa nkupeza katundu wake watsitsidwa kalekale ali yekha pansi. Akangodutsa pa Chingeni ayambe kusonkhanitsa tinthu take, akumbutsenso kondakitala.

WOULUTSA: Koma mwamupatsa windo, pomwe wotsika msanga mumati akhale kunja.

DALAIVALA: Apa zinthu ziwiri zikukokana, ndipo ayenera kusankha. Wopanda katundu ku buti, wotsikira pafupi ngati pa Lirangwe, akhale pa kanjira, kutsogolo. Koma mayi uyu mpamba wake wonse uli pansi pa basi, ndipo ulendo wake ndi wa maola angapo. Kudzutsa munthu mmodzi kamodzi si kanthu poyerekeza ndi kutaya belo. Mpando wa pa kanjira m'basi yodzadza ulinso ndi msonkho wake: zigongono za oimirira, zikwama zokhula kumutu, ndipo pobwerera kuchokera ku Lilongwe, anthu akagula mbatata ya kachewere, kabichi ndi tomato pa Lizulu, zonsezo zimathera pa mapazi anu.

WOULUTSA: Nanga kachikwama ka m'manja? Ambiri timaika pa shelefu ya pamwamba.

DALAIVALA: Pamwamba ikani juzi ndi kamba wa panjira. Ndalama, foni, laputopu ndi mapepala zikhale pathupi kapena pamiyendo. Mukaika chikwama pamwamba, musachiike pamutu panu penipeni, pomwe simungachione. Chiikeni tsidya lina la kanjira, patsogolo pang'ono, pomwe maso amafika mutakhala. Ndipo pa rodibuloko, monga pa Zalewa, akanena kuti nonse tsikani, kachikwamako katsike nanu. Chinanso, wokhala pa windo la kumanja asatulutse chigongono. Mbali imeneyo ndi yomwe imaphana ndi mathiraki, ndipo malo ena msewu wa M1 ndi wopapatiza, m'mbali mudadyeka.

WOULUTSA: Tili ndi omvera ambiri omwe amapita ku Joni. Malangizo ndi omwewa?

DALAIVALA: Amasintha pang'ono. Ulendo umenewo umapitirira tsiku lathunthu, kudzera ku Mwanza ndi Zobue, ku Tete, ku Nyamapanda, ku Harare, mpaka ku Beitbridge. Pa chipata chilichonse nonse mumatsika kukadinditsa pasipoti, ndipo otsika poyamba ndiwo amakhala kutsogolo pa mzere. Basi imadikira onse, inde, koma wodinditsa msanga amapeza mpata wopita kuchimbudzi ndi kugula madzi, pomwe wa kumbuyo amathera nthawi yonse chiimire. Ndiye cha kutsogolo nkwabwino. Pa windo kapena pa kanjira zimatengera thupi. Windo lili ndi potsamira mutu usiku, koma galasi limazizira ndipo simudzuka mwaufulu. Kukhala maola ambiri miyendo ili chopinda kumatupitsa mapazi, ndipo kwa ena magazi amatha kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Wachikulire, woyembekezera, ndi yemwe miyendo imamutupa kale atenge pa kanjira kuti aziwongola miyendo ndi kuimirira. Pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu musadzazepo katundu, mpomwe mapazi anu akhale usiku wonse.

WOULUTSA: Katundu wa ku Joni amachuluka, ena amalowa mu ngolo yokokedwa kumbuyo.

DALAIVALA: Ameneyo simungamuone muli pampando uliwonse, ndiye musavutike kusankha windo chifukwa cha iye. Lembani dzina ndi nambala ya foni pa chikwama chilichonse, kunja ndi mkati, ndipo muchijambule pa foni chisanakwezedwe. Nthawi yomuyang'anira ndi pa chipata, katundu akatsitsidwa kuti aonedwe. Imani pa zikwama zanu, muziwerenge, ndipo musakwere basi mpaka mutaziona zikubwezeredwa.

WOULUTSA: Wina watumiza uthenga, akuti agogo ake amayenda ndi ndodo, ndipo mwezi uliwonse amawaperekeza kuchokera ku Chilomoni kupita kuchipatala. Awakhazike pati?

DALAIVALA: Ambiri amathamangira kuwakweza kutsogolo poti ndi ulemu, koma mpando wa kutsogolo wa Hiace ndi wautali, umakwera pamwamba pa tayala, ndipo kwa munthu wa mawondo ofooka kutsika kwake nkovuta kuposa kukwera. Khomo la pambali lili ndi sitepe yotsikirapo. Awalowetse mzere woyamba, agogo akhale pakati, iye akhale kumapeto cha kukhomo, ndipo amufunse wa pa windo ngati akutsika iwo asanafike, kuti asinthane minibasi isananyamuke. Potsika ayambe iye, aime pansi, awagwire mkono, ndodo itsike pomaliza. Ndipo ngati angathe, apewe nthawi yomwe anthu akuthamangira kuntchito. Cha m'ma 9 koloko minibasi zimadikira anthu, mzere woyamba umapezeka.

WOULUTSA: Omvera, nthawi yathu yathera pamenepa.

(NYIMBO YOTSEKERA)